Kodi woyamba kukonza makanema agule pulogalamu, kapena yaulere ndi yokwanira?

Funso: Ndine mlembi wa kwaya ya mpingo wathu ku Zomba, ndipo anzanga andipatsa ntchito yokonza makanema a nyimbo zimene tinajambula ku situdiyo. Ndili ndi foni ya Tecno ya RAM 4 GB ndi laputopu ya HP yogwirapo kale ntchito, ya Core i5 ndi RAM 8 GB. Ena akuti ndigule Filmora kapena Premiere Pro, ena akuti CapCut yaulere ikukwana, ndipo wina akufuna kundiikira pulogalamu yothyola. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Musagule pulogalamu iliyonse pakali pano, ndipo yothyolayo muikane. Pa zipangizo zimene mwatchulazi, chimene chidzakuvutitseni poyamba ndi mphamvu ya makina anu, osati kuchepa kwa zida za m'pulogalamu, ndipo ndalama yolipira pulogalamu siwonjezera mphamvu imeneyo ngakhale pang'ono. Kudula zidutswa, kuziika m'ndondomeko, kugwirizanitsa milomo ya oimba ndi nyimbo, kulemba mutu ndi kukonza kuwala ndi ntchito zimene mapulogalamu abwino aulere amachita mokwanira, ndipo kanema wa kwaya safuna zoposa pamenepa.

Choyamba muyenera kudziwa kuti mawu akuti "yaulere" amanenedwa pa mapulogalamu amene amasiyana kwambiri m'kachitidwe. Alipo ena amene ndi aulere kotheratu, monga Shotcut ndi Kdenlive pa laputopu, amene amalembedwa ndi anthu ogwirira ntchito poyera, ndipo alibe gawo lobisika limene lingatsegulidwe ndi ndalama. Alipo ena amene kampani imapereka gawo lalikulu ulere n'kusunga zida zina kuti zikhale za olipira, monga CapCut ya kampani ya ByteDance ndi DaVinci Resolve ya Blackmagic Design. Ndiye pali gulu lachitatu, limene ndi loopsa kwa woyamba kumene, la mapulogalamu amene amakulolani kugwira ntchito yonse mosavuta, koma pa nthawi yotulutsa kanema amadindapo dzina lawo. Filmora imachita zimenezi pa laputopu, ndipo KineMaster imaika chidindo chake pakona ya chithunzi pa foni. Munthu amatha masiku angapo akukonza kanema, n'kudzazindikira pomaliza kuti sangaupereke kwa eni ake popanda kulipira, ndipo ntchito imene waigwirayo singasamutsidwire ku pulogalamu ina, chifukwa pulogalamu iliyonse imasunga ndondomeko ya zidutswa m'fayilo yakeyake imene inzake siiwerenga.

N'chifukwa chake ndimalangiza aliyense kuti asanayambe ntchito yeniyeni ayese pulogalamuyo kuyambira kumapeto. Tengani zidutswa ziwiri za kanema wa foni yanu, muzidule kuti zikwane mphindi imodzi, muikepo nyimbo ndi mutu, kenako mukanikize Export ndi kusankha 1080p. Kanema akatuluka, muonereni mpaka kumapeto pa foni ina. Mayeso amenewa satenga ola lathunthu, koma amakuuzani ngati pulogalamuyo ikudinda dzina lake, ngati ikukanizani kutulutsa chithunzi chooneka bwino, ngati ikufuna intaneti kuti imalize, ndiponso nthawi imene makina anu akutenga. Ngati mphindi imodzi yatenga mphindi zinayi kuti ituluke, dziwani kuti nyimbo ya mphindi zisanu idzafuna pafupifupi mphindi 20, ndipo mudzakonzekere batire moyenera magetsi asanathime.

Pa foni yanu CapCut yaulere igwira ntchito, bola musamale chinthu chimodzi. Zokometsera zambiri, masinthidwe a zithunzi ndi zilembo zina zili ndi chizindikiro cha Pro, ndipo pulogalamuyo imakulolani kuziika m'kanema wanu n'kuona mmene zikukongolera, koma potulutsa imakuimitsani mpaka mulipire kapena muzichotse. Muzolowere kuyang'ana chizindikirocho musanakanikize chilichonse. Kachidutswa ka dzina la CapCut kamene kamadziika kumapeto kwa kanema kamachotsedwa ulere, mongokakhudza ndi kukafufuta. Dziwaninso kuti mzere wolekanitsa zaulere ndi zolipira sukhazikika, chifukwa zida zina zimene kale zinali zaulere zinasamutsidwira ku Pro m'masinthidwe otsatira. Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kukhalanso ndi VN, pulogalamu ina ya pa foni imene imatulutsa kanema wopanda chidindo, kuti tsiku limene CapCut idzakutsekereni chida chimene munazolowera musadzasowe pogwira.

Komabe kanema wa kwaya sindingakulangizeni kuti mumukonzere pa foni, ndipo chifukwa chake ndi kawerengedwe ka malo ndi mphamvu. Mafoni ambiri akamajambula pa 1080p, mphindi imodzi imadya pakati pa megabaiti 100 ndi 150. Mukajambula nyimbo ya mphindi zisanu pa malo atatu ndi mafoni awiri, mudzakhala ndi mphindi 30, kapena kuti pafupifupi 4 GB, ndipo foni iyenera kusunga zonsezo, kuwonjezapo mafayilo osakhalitsa a pulogalamu ndi kanema womaliza. Malo mwina angapezeke, koma RAM ya 4 GB, imene gawo lake lalikulu latengedwa kale ndi Android ndi WhatsApp, imalephera pamene mwasanjikiza makanema atatu kapena anayi pamwamba pa anzawo. Mudzazindikira kuti yafika pamapeto pake chithunzi chikayamba kudumphadumpha pamene mawu akupitirira, foni ikatentha kumsana, ndipo nthawi zina pulogalamu ikadzitseka yokha kutulutsa kuli pakati. Kulipira Pro sikuchiza chimodzi mwa zizindikiro zimenezi. Foni muisungire tizidutswa ta masekondi 30 kapena mphindi imodzi toitanira anthu pa WhatsApp ndi pa Facebook, ntchito imene imaigwira bwino kwambiri ndiponso mofulumira kuposa laputopu.

Pa laputopu mudzamva ambiri akutama DaVinci Resolve, ndipo salakwa, chifukwa gawo lake laulere silidinda dzina pa ntchito wamba ndipo limatulutsa kanema mpaka pa 3840 x 2160. Vuto ndi loti opanga ake amanena kuti pa Windows pafunika RAM ya 16 GB ndi khadi la zithunzi lamphamvu, pamene malaputopu ambiri a muofesi amene amagulitsidwa atagwirapo kale ntchito ali ndi kachipangizo ka zithunzi ka Intel kongobwereka RAM yomweyo. Kuti mudziwe zimene muli nazo, kanikizani Ctrl+Shift+Esc kuti Task Manager itseguke, mutsegule Performance, muwerenge zimene zalembedwa pa Memory, Disk ndi GPU. Ngati pa GPU pangolembedwa Intel HD Graphics kapena Intel UHD Graphics, Resolve ikhoza kutseguka, koma idzakhala yolemera kotero kuti mudzathera nthawi yambiri mukudikira kusiyana ndi kuphunzira, ndipo kuikopera kokha kumadya bandulo yoposa 2 GB. Premiere Pro nayonso imatseguka pa 8 GB, koma imayenda momasuka pa 16 GB. Pa makina ngati anu ndingasankhe Shotcut, imene ndi yaing'ono poikopera, safuna kulembetsa, ndipo imagwira ntchito yonse popanda intaneti.

Tiyeni tiyende nayo nyimbo imodzi kuyambira poyamba, monga mmene makwaya ambiri kwathu kuno amachitira, pamene nyimbo yajambulidwa kale ku situdiyo ndipo oimba amatsatira mawu ake kuchokera pa sipika. Patsiku lojambula, mafoni onse aikidwe pa 1080p ndi pa zithunzi 30 pa sekondi, ogwira awagoneke chopingasa, ndipo pa malo aliwonse nyimbo iimbidwe yonse kuyambira poyamba mpaka kumapeto osaimitsa kujambula. Musakopeke ndi 4K, chifukwa mafayilo ake amakula pafupifupi katatu, laputopu yanu idzavutika kuwasewera, ndipo oonera ambiri adzaonera pa foni pamene kusiyanako sikuoneka. Sipika imveke bwino m'foni iliyonse, popeza mawu amenewo, ngakhale sadzamveka m'kanema womaliza, ndi amene mudzagwiritse ntchito pogwirizanitsa zidutswa. Potenga mafayilo kwa anzanu mugwiritse ntchito chingwe kapena kadi, kapenanso muwatumize pa WhatsApp ngati Document, chifukwa kanema wotumizidwa mwa njira wamba amafinyidwa n'kutaya kuoneka bwino kwake, ndipo palibe pulogalamu yaulere kapena yolipira imene ingabweze zimene zatayikazo.

Mafayilo onse, pamodzi ndi nyimbo ya ku situdiyo, muwaike m'foda imodzi ndipo musawasunthenso kapena kuwasintha maina. Shotcut imasunga ntchito yanu m'kafayilo kakang'ono ka .mlt, kamene sikasunga makanemawo koma kamangoloza pamene ali, ndiye mukasuntha foda ntchito ili mkati mudzapeza zidutswa zopanda kanthu. Mukatsegula pulogalamuyo, sankhani HD 1080p 30 fps pa Settings > Video Mode. Kenako, musanalowetse kanema aliyense, muyatse Settings > Proxy > Use Proxy, ndipo pa Settings > Preview Scaling musankhe 540p. Zimene zimachitika apa ndi zoti Shotcut imapanga kope lopepuka la kanema aliyense, n'kumakuonetsani kopelo pamene mukudula, koma potulutsa imabwerera ku mafayilo enieni, choncho kanema womaliza sataya kalikonse. Kupanga makopewa kumatenga nthawi, ndipo ndi bwino kuisiya laputopu ili pa magetsi mpaka mndandanda wa Jobs utha. Njira imeneyi ndi imene imachititsa kuti makina ofooka akwanitse ntchito imene ambiri amaganiza kuti imafuna laputopu yodula, ndipo ilipo mu Kdenlive, mu Resolve ndi mu Premiere Pro chimodzimodzi.

Tsopano muike nyimbo ya ku situdiyo pa mzere wa mawu, pansi, ndipo kanema aliyense mumupatse mzere wakewake pamwamba pake. Kugwirizanitsa kungachitike ndi maso, poyang'ana mafunde a mawu amene amaoneka pa chidutswa chilichonse n'kusuntha chidutswacho mpaka kugunda koyamba kwa ng'oma kapena kwa kiyibodi kufanane ndi kwa nyimbo ya pansi. Shotcut ilinso ndi chida chotchedwa Align To Reference Track, chimene chimamvetsera mawu n'kugwirizanitsa chokha, ngakhale chimalephera ngati mphepo kapena phokoso linaphimba sipika. Zonse zikagwirizana, muzimitse mawu a mizere ya makanema kuti patsale nyimbo ya ku situdiyo yokha. Popeza chimene chimaoneka ndi chimene chili pa mzere wapamwamba, ntchito yanu ndi yodula ndi batani la S n'kuchotsa zigawo za pamwamba pamene mukufuna kuti za pansi zioneke, mosamala kuti zidutswa zotsalazo zisasunthe pa malo ake. Muzidula pa kugunda kwa nyimbo kapena poyambira mzere wa mawu, ndipo wotsogolera akamaimba yekha muonetse nkhope yake, gulu likamayankha muonetse gulu. Luso limeneli ndi limene limasiyanitsa kanema wokoma ndi wotopetsa, ndipo silipezeka m'ndandanda wa zida za Pro.

Pali vuto limodzi limene pafupifupi aliyense wojambula ndi foni amakumana nalo, ndipo ambiri amaimba mlandu pulogalamu yaulere n'kuthamangira kukagula ina. Milomo imagwirizana ndi nyimbo poyamba, koma pofika mphindi yachinayi imakhala itatsogola kapena kutsalira pang'ono. Chimayambitsa zimenezi ndi choti mafoni ambiri sajambula zithunzi 30 zenizeni pa sekondi iliyonse, koma amachepetsa kapena kuwonjezera malinga ndi kuwala ndi kutentha kwa foni, pamene mapulogalamu a pa laputopu amayembekezera chiwerengero chosasintha. Shotcut ikazindikira fayilo yotere nthawi zambiri imakufunsani ngati iisinthe, ndipo muyenera kuvomera. Mungathenso kuchita zimenezi nokha pa Properties ndi Convert, kapena kudutsitsa fayiloyo mu HandBrake, yomwenso ndi yaulere, mutasankha Constant Framerate. Mafayilo osinthidwa ndi Shotcut amakula kuposa oyamba, choncho musiye malo osachepera 20 GB pa disiki musanayambe. Njira yodziwira ngati vutoli lilipo ndi yosavuta: mukangogwirizanitsa chidutswa, dumphani mpaka kumapeto kwa nyimbo n'kuyang'ana milomo musanadule kalikonse.

Potulutsa, sankhani YouTube pa mndandanda wa Export. Kampani ya YouTube imalangiza megabiti 8 pa sekondi pa kanema wa 1080p wa zithunzi 30, zimene zikutanthauza megabaiti 60 pa mphindi, kapena pafupifupi megabaiti 300 pa nyimbo yanu ya mphindi zisanu. Chiwerengero chimenechi chikuthandizani kudziwa bandulo yofunika, komanso kuzindikira ngati china chalakwika, chifukwa fayilo ikatuluka ya 2 GB ndiye kuti mwasankha zolemera mopanda phindu, ndipo ikatuluka ya megabaiti 40 nkhope za oimba zidzaoneka zophwanyika pamene akuvina.

Tibwere tsopano ku ndalama. Mapulogalamu olipira amagulitsidwa m'njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwambiri kwa munthu wolandira makwacha. Adobe, kampani yopanga Premiere Pro, inasiya kutulutsa Premiere Pro yatsopano yogulidwa kamodzi n'kamodzi mu 2013, ndipo pulogalamuyi imalipiridwa mwezi ndi mwezi, pafupifupi madola 23 pa mtengo wa ku America ngati mwalonjeza chaka chathunthu. Mukasiya kulipira, pulogalamu imatseka, ndipo ntchito zanu zakale simungazitsegulenso kuti muzikonze. Pangano la chaka lolipira pamwezi lilinso ndi chilango, chifukwa wolisiya patadutsa masiku 14 amalipiritsidwa theka la ndalama zotsala, ndipo nkhani imeneyi inachititsa kuti boma la America lisumire kampaniyo mu 2024. DaVinci Resolve Studio imagulidwa kamodzi pa madola 295, ndiye kuti miyezi 13 ya Premiere Pro imakwana kale mtengo umenewo. Kuwonjezera apo, mtengo wa m'madola umakwera wokha kwacha ikagwa, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kulipira kunja ndi khadi la banki kumadalira kupezeka kwa ndalama zakunja. Kwaya imene imasonkha ndalama za yunifolomu ndi za galimoto siyenera kudzimangirira ku ngongole ya mwezi ndi mwezi chifukwa cha makanema atatu kapena anayi pa chaka.

Sindikunena kuti kulipira n'kulakwa. Nthawi yake imafika pamene mungathe kutchula ndi dzina chinthu chimene pulogalamu yaulere ikulephera, chimene chikubwerezabwereza pa ntchito zanu, ndipo ntchitozo zikubweretsa ndalama. Wojambula maukwati amene amagwira ntchito m'maholo amdima ali ndi chifukwa chomveka chogulira Resolve Studio, popeza chida chochotsera timadontho ta mdima m'chithunzi ndi chida chopatula mawu a munthu ku phokoso zili m'gawo lolipira. Amene akufuna kulembedwa ntchito pa wailesi ya kanema kapena m'kampani imene onse amagwiritsa ntchito Premiere Pro ali ndi chifukwa choiphunzirira, kuti azitha kulandirana ntchito ndi anzake. Koma chimodzi mwa zinthu zimene mapulogalamu olipira amatsatsa kwambiri, chida cholemba chokha mawu olankhulidwa pansi pa chithunzi, chinakonzedwera zinenero monga Chingelezi, ndipo mawu a nyimbo ya Chichewa mudzawalembabe ndi manja. Nyimbo za m'nkhokwe ya CapCut nazonso simukuzifuna, ndipo muzisamala nazo, chifukwa chilolezo chake sichifika paliponse, moti kanema angathe kuzimitsidwa mawu pa Facebook kapena pa YouTube. Ngati kwaya yanu ikuimba nyimbo yopekedwa ndi munthu wina, za chilolezo mukafunse kwa mwini wake kapena ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi, chifukwa kulipira pulogalamu sikukupatsani ufulu pa nyimbo ya wina.

Za pulogalamu yothyola ndilankhula mosabisa, chifukwa ndi njira imene achinyamata ambiri amalowera. Kuwonjezera pa kuphwanya lamulo la umwini, kuiika pa laputopu nthawi zambiri kumafuna kuti muzimitse Windows Security ndi kupereka mphamvu zonse kwa fayilo imene simukudziwa amene anaikonza, ndipo iyi ndi njira yodziwika imene mapulogalamu oba mawu achinsinsi amalowera m'makina. Pa foni, mafayilo a CapCut kapena KineMaster othyola amene amayenda m'magulu a WhatsApp amaikidwa pa foni yomweyo imene mumalandirirapo mauthenga a Airtel Money, Mpamba ndi banki. Inu monga mlembi muyenera kuti mumasunga maina, manambala ndi mwina zopereka za mamembala, ndiye chiopsezocho sichili pa inu nokha. Komanso pulogalamu yothyola siichotsa vuto limene tinayamba nalo, chifukwa Premiere Pro yobedwa ndi yolemera chimodzimodzi ndi yogula.

Ngati kwaya yapatula kale ndalama ya ntchito imeneyi, yambani ndi zimene Task Manager yakuonetsani. Pa Disk pakalembedwa HDD, kusintha disikiyo n'kuika ya SSD kudzafulumizitsa laputopu yonse moonekeratu, ndipo ngati makina anu ali ndi malo owonjezerapo RAM, kuifikitsa pa 16 GB kudzakutsegulirani njira yoyeseranso Resolve yaulere m'tsogolo. Pambuyo pake pabwere choimikapo foni cha miyendo itatu, chifukwa chithunzi chogwedezeka n'chovuta kuchikonza pa makina ofooka, ndi disiki yakunja yosungirapo kope lachiwiri la zonse zimene mwajambula. Kope limeneli mulipange tsiku lomwelo mwabwera kojambula, anzanu asanafufute makanema m'mafoni awo, popeza kusonkhanitsanso anthu makumi atatu ndi yunifolomu zawo kuti abwereze nyimbo kumadula kuposa chilichonse chimene tatchula pano.